Sikelo ya mizere 256: mmene amafinyira modelo yozindikira munthu kuti ikwane m'kabolodi

Kabolodi kotchedwa Arduino Nano 33 BLE Sense n'kotalika mamilimita 45, m'lifupi mamilimita 18, moti chala cha mkombaphala cha munthu wamkulu chimatsala pang'ono kukaphimba konse. Munthu akakalumikiza ku kamera yaing'ono ndi timawaya tochepa, n'kulowetsamo pulogalamu ya chitsanzo imene akatswiri a TensorFlow Lite Micro anatulutsa, kabolodiko kamayamba kulondera. Kagetsi kabuluu kamaphethira kusonyeza kuti kajambula chithunzi. Wina akaima kutsogolo kwa kamera, kamayaka kagetsi kobiriwira. Akachokapo n'kusiya mpando wokhawokha, kamayaka kofiira. Intaneti palibe, bandulo palibe, ndipo chithunzicho sichituluka m'chipindamo. Ntchito yonse yachitikira pa kachipu kamene kangabisale pansi pa chikhadabo.

Kachipuko ndi nRF52840, ndipo purosesa yake ndi Cortex-M4 yothamanga pa 64 MHz. Malo osungiramo pulogalamu, amene amawatcha fulashi, ndi 1 MB. Malo ogwirirapo ntchito, ramu, ndi 256 KB basi. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamakono nthawi zambiri chimaposa malo awiriwa ngakhale atawaphatikiza. Komatu m'kamalo komweka ndi mmene muli modelo yophunzitsidwa kusiyanitsa chithunzi chimene muli munthu ndi chimene mulibe.

Modeloyi ndi ya mtundu wa MobileNet, umene akatswiri a ku Google anatulutsa mu 2017, koma yochepetsedwa kwambiri: masefa a gawo lililonse anawasiya limodzi mwa anayi, ndipo imalandira chithunzi chopanda mitundu cha timadontho 96 m'litali ndi 96 m'lifupi. Anaiphunzitsa ndi zithunzi za Visual Wake Words, zimene zinasonkhanitsidwa mu 2019 kuchokera mu nkhokwe yaikulu ya zithunzi yotchedwa COCO. Kuphunzirako kunachitikira pa makompyuta amphamvu, kutali ndi kabolodi. Chimene chinatuluka kumeneko ndi mulu wa manambala opitirira pang'ono 200,000, amene akatswiri amawatcha maweyiti. Nzeru yonse ya modelo ili m'manambala amenewa. Chithunzi chikalowa, timadontho take timachulukitsidwa ndi maweyiti a gawo loyamba, zotsatira zake zimaphatikizidwa n'kupita ku gawo lachiwiri, ndipo zimapitirira choncho mpaka kumapeto kumatsala manambala awiri okha: ya "munthu alipo" ndi ya "munthu palibe".

Vuto limayambira pa kalembedwe ka manambalawo. Pophunzitsa, nambala iliyonse imasungidwa mu mtundu wotchedwa `float32`, umene umadya mabaiti anayi ndipo umatha kusunga manambala aang'ono zedi monga 0.0000312 komanso aakulu kufika mamiliyoni. Kulondola kotereku kumafunika pophunzitsa chifukwa weyiti iliyonse imasunthidwa pang'onopang'ono kambirimbiri. Koma manambala 210,000 a mabaiti anayi ndi mabaiti 840,000. Mu fulashi ya 1 MB mumatsala kamalo kochepa koti mukhale pulogalamu yowerenga kamera, yoyendetsa modelo ndi zina zonse.

Fulashi ndi nkhani yochepa. Pamene pamathina kwenikweni ndi pa ramu, ndipo masamu ake ndi osavuta kuwatsata. Gawo loyamba la modelo limasandutsa chithunzi chija kukhala mapepala 8 a manambala, lililonse 48 kwa 48, ndiye kuti manambala 18,432. Patsogolo pang'ono pali gawo limene limalandira manambala 18,432 n'kutulutsa mapepala 16, omwe ndi manambala 36,864. Pamene gawoli likugwira ntchito, zolowa ndi zotuluka ziyenera kukhala mu ramu nthawi imodzi, zonse pamodzi manambala 55,296. Mu `float32` amenewa ndi 216 KB. Kabolodi kali ndi 256 KB, ndipo kamera nayo ikufuna pake, pulogalamu ikufunanso pake. Sizingakwane. Koma nambala iliyonse ikadya baiti imodzi m'malo mwa anayi, katundu yemweyo amakhala 54 KB.

Kuchotsa nambala pa mabaiti anayi kuipititsa pa baiti imodzi ndiko kumene amakutcha kwantizesheni.

Kujambula mizere pa sikelo

Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, ndipo mabiti 8 amatha kusanjidwa m'njira 256 zokha. Mu mtundu wa `int8`, njira zimenezi zimaimira manambala athunthu kuyambira pa -128 mpaka 127. Mulibe theka, mulibe kadontho ka desimo. Ndiye nambala ngati 0.2134 ingalowe bwanji mmenemo?

Aliyense amene anagulitsako soya kapena mtedza pa sikelo yolendewera mumtengo amalidziwa kale yankho lake. Sikelo ija ili ndi mizere yowerengeka. Thumba silifunsidwa kulemera kwake kwenikweni mpaka pa galamu. Muvi ukaima pakati pa mizere iwiri, wogula amawerenga mzere umene wayandikira. Kwantizesheni imachita chimodzimodzi. Imayang'ana manambala a gulu limodzi, imapeza wamng'ono kwambiri ndi wamkulu kwambiri, n'kugawa mtunda wa pakati pawo mu mizere yotalikirana mofanana. Nambala iliyonse imakankhidwira pa mzere wapafupi, ndipo chimene chimasungidwa ndi nambala ya mzerewo.

Lamulo lake analilemba momveka Benoit Jacob ndi anzake a ku Google mu pepala limene linatuluka kumapeto kwa 2017, ndipo ndi lalifupi:

```
r = S * (q - Z)
```

Apa `r` ndi nambala yeniyeni, `q` ndi nambala ya mzere imene yasungidwa mu baiti, `S` ndi mtunda wa pakati pa mizere iwiri yoyandikana, ndipo `Z` ndi mzere umene ukuimira ziro. Tiyerekeze kuti m'sefa ina weyiti yaikulu kwambiri ndi 0.635. Maweyiti amapatsidwa mizere yochokera pa -127 kufika pa 127, ziro ali pakati penipeni, choncho `Z` ndi 0 ndipo `S` ndi 0.635 kugawa ndi 127, yomwe ndi 0.005. Weyiti ija ya 0.2134 ikagawidwa ndi 0.005 imapereka 42.68, ndipo mzere wapafupi ndi 43. Mu fulashi mumalembedwa 43. Ikawerengedwanso, 43 kuchulukitsa ndi 0.005 ndi 0.215. Yaphonya ndi 0.0016, ndipo palibe weyiti m'sefayo imene ingaphonye koposa theka la mzere.

Chodabwitsa n'chakuti modelo yophunzitsidwa bwino siimva kuphonya kotereku. Yankho la gawo lililonse limachokera pa kuphatikiza manambala ambirimbiri. Ena akwezedwa pang'ono, ena atsitsidwa pang'ono, ndipo zolakwazo zambiri zimafafanizana. Komanso modelo inaphunzira pa zithunzi zamdima, zogwedezeka, zamithunzi, ndiye inazolowera kale kaphokoso.

Ziro yekha ndi amene saloledwa kuphonya. Ndi chifukwa chake pali `Z`. Modelo imadzaza m'mphepete mwa chithunzi ndi maziro pogwira ntchito, ndipo magawo ambiri amasandutsa nambala iliyonse yotsika pa ziro kukhala ziro. Ziro akanamasungidwa ngati 0.01, kulakwako kukanakhala kwa mbali imodzi paliponse, ndipo sikukanafafanizika.

Mkati mwa kachipu, mabaiti awiri akachulukitsidwa yankho silikwana mu baiti imodzi: 127 kuchulukitsa ndi 127 ndi 16,129. Choncho zophatikiza zimasonkhanitsidwa kaye mu nkhokwe ya mabiti 32, ndipo gawolo likatha, yankho limabwezeredwa pa mizere 256 ya gawo lotsatira. Ngakhale kubwezerako kumachitika ndi manambala athunthu okhaokha, pochulukitsa ndi kusuntha mabiti. Kuyambira pa kamera mpaka pa kagetsi kobiriwira, desimo sioneka paliponse.

Phindu lake silithera pa malo okha. Mu 2014 Mark Horowitz wa ku yunivesite ya Stanford anapereka ziwerengero za magetsi amene ntchito iliyonse imadya pa machipu a nthawi imeneyo: kuchulukitsa manambala awiri a `float32` kunkadya mapikojulo 3.7, pamene kuchulukitsa a mabiti 8 kunkadya 0.2. Kukatenga mabiti 32 mu memole yakunja kwa chipu kunkadya mapikojulo 640, ndiye kuti kunyamula nambala kumawononga batire kuposa kuiwerengera. Ziwerengerozi anthu amakonda kuzitchula ngati kuti batire lidzakhala nthawi yotalika maulendo 18, zomwe si zoona. Kamera, timagetsi ndi mbali zina za kabolodi zimadyabe magetsi awo. Pa purosesa ngati Cortex-M4, liwiro lenileni limabwera ndi laibulale ya Arm yotchedwa CMSIS-NN, imene imagwiritsa ntchito lamulo la purosesa lochulukitsa manambala aang'ono awiriawiri nthawi imodzi. Akatswiri a Arm atailengeza mu 2018 ananena kuti inathamangitsa modelo yawo yoyesera maulendo 4.6.

Zithunzi zopimira

Maweyiti ndi osavuta kuwapima chifukwa sasintha. Ali m'failo, aliyense angawawerenge. Ovuta ndi manambala a panjira, aja otuluka m'gawo lina kulowa m'gawo linzake. Amenewa amasintha ndi chithunzi chilichonse, koma sikelo yawo iyenera kukhazikitsidwa kabolodi kasanaone chithunzi ngakhale chimodzi. Njira yake ndi kuonetsa modelo zithunzi zoyerekezera, kawirikawiri pakati pa 100 ndi 500, kwinaku pulogalamu ikulemba nambala yaing'ono ndi yaikulu imene yatuluka pa gawo lililonse. Mu TensorFlow ntchito yonse imakwana m'mizere yochepa:

```python
conv = tf.lite.TFLiteConverter.from_saved_model("munthu")
conv.optimizations = [tf.lite.Optimize.DEFAULT]
conv.representative_dataset = zithunzi_zopimira
conv.target_spec.supported_ops = [tf.lite.OpsSet.TFLITE_BUILTINS_INT8]
conv.inference_input_type = tf.int8
conv.inference_output_type = tf.int8
open("munthu.tflite", "wb").write(conv.convert())
```

Mzere wachitatu ndi umene umanyamula mlandu wambiri, ngakhale umaoneka wosalakwa. Wophunzira kumene akauiwala n'kungosiya mzere wachiwiri wokha, pulogalamu sidandaula. Imafinya maweyiti, failo imachepadi pafupifupi maulendo anayi, iye n'kusangalala kuti ntchito yatha. Koma manambala a panjira amakhala akadali mu `float32`. Modelo yotereyi imayenda pa foni, koma pa kabolodi imakanidwa ndi uthenga wakuti `Hybrid models are not supported on TFLite Micro.` Mzere wachinayi ndi mlonda: umalamula kuti ngati pali gawo limene silingasandutsidwe kukhala `int8`, ntchito iime pompo m'malo molisiya mwakachetechete lili ndi desimo.

Tsono zithunzi zopimirazo ziyenera kufanana ndi zimene kabolodi kakaone kumene kakupita. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, chifukwa amangotola zithunzi zoyambirira 100 m'foda. Tiyerekeze kuti zonsezo ndi za m'nyumba, kuwala kofatsa. Gawo lina likatulutsa manambala osaposa 2.5 pa zithunzi zimenezo, sikelo yake imathera pa 2.5. Kabolodi kakaikidwa pakhonde masana a mwezi wa Okutobala, gawo lomwelo likhoza kutulutsa 5. Mzere wa 5 kulibe. Chilichonse choposa 2.5 chimapanikizidwa pa mzere womaliza, 127, ngati muvi wa sikelo ya makilogalamu 50 atakolekapo thumba la makilogalamu 90. Malaya oyera ndi khoma loyera zimasanduka chinthu chimodzi kwa modelo.

Kulakwa kwina ndi kwa mbali inayo. Chithunzi chimodzi chachilendo, chimene babu likuwalira m'kamera mwachindunji, chikhoza kukokera malire kutali, mizere n'kutalikirana, ndipo zithunzi wamba zonse zimadzangogwiritsa ntchito kachigawo kochepa ka sikeloyo. Wodziwa ntchito amajambula zithunzi zopimira ndi kamera yomweyo imene idzakhale pa kabolodi, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo amazikonza mofanana ndendende ndi mmene ankakonzera zophunzitsira. Ngati pophunzitsa timadontho tinkasinthidwa kukhala pakati pa -1 ndi 1, zopimira nazo zisinthidwe choncho.

Tsiku limene MobileNet inagwa chagada

Nkhani yodziwika kwambiri ya kulephera kwa kwantizesheni ikukhudza MobileNet yomweyi. Mu 2018 Raghuraman Krishnamoorthi, amene panthawiyo anali ku Google, analemba zotsatira za kuyesa njira zosiyanasiyana pa mamodelo angapo. MobileNet yathunthu, isanafinyidwe, inkakhoza pafupifupi zithunzi 71 pa 100 zilizonse za ImageNet, mayeso amene ali ndi mitundu ya zinthu 1,000. Ataifinya popatsa gawo lililonse sikelo imodzi ya maweyiti ake onse, inakhoza chithunzi chimodzi pa 1,000. Amenewo ndi malikisi a munthu wongolota yankho atatsinzina. Mamodelo aakulu ngati ResNet anadutsa njira yomweyo osavulala kwenikweni.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka MobileNet. Kuti ikhale yopepuka, imagwiritsa ntchito timasefa tating'ono ta manambala 9, atatu kwa atatu, kalikonse kosamalira pepala lake lokha. Pophunzitsa, pambuyo pa sefa iliyonse pamakhala kagawo kolinganiza kukula kwa zotuluka. Pokonzekera kufinya, kagawo kameneka kamalowetsedwa m'maweyiti a sefayo pochulukitsa, ndipo zotsatira zake n'zakuti m'gawo limodzi sefa ina ikhoza kukhala ndi maweyiti aakulu kuposa a inzake maulendo mazana.

Manambala amaonetsa bwino zimene zimachitika. Tinene kuti sefa yoyamba ili ndi weyiti yofika 12.7, pamene maweyiti onse a sefa yachiwiri ali pakati pa -0.04 ndi 0.04. Gawo lonse likapatsidwa sikelo imodzi, wamkulu ndiye amalamula: `S` imakhala 12.7 kugawa ndi 127, yomwe ndi 0.1. Weyiti ya 0.04 ikagawidwa ndi 0.1 imapereka 0.4, ndipo mzere wapafupi ndi ziro. Ya -0.03 nayo ziro. Manambala onse 9 a sefa yachiwiri asanduka maziro, sefayo yafa, ndipo chimene inkazindikira pa chithunzi, kaya ndi m'mphepete mwa phewa kaya kuzungulira kwa mutu, chasowa. Zili ngati kuyeza supuni ya mchere pa sikelo yopimira matumba a chimanga: muvi sugwedezeka, ndipo wolemba amalemba kuti palibe kanthu.

Mankhwala ake ndi osavuta kuwamva munthu akangomvetsa matendawo. Sefa iliyonse ipatsidwe sikelo yakeyake. Yoyamba ikhale ndi `S` ya 0.1, yachiwiri ya pafupifupi 0.0003, ndipo zonse zigwiritse ntchito mizere yawo mokwanira. Mtengo wake ndi kusunga nambala imodzi yowonjezera pa sefa iliyonse. M'mayeso a Krishnamoorthi, njira yabwino kwambiri ya mtundu umenewu inabwezera MobileNet pafupi ndi 70 pa 100, popanda kuiphunzitsanso. Lero TensorFlow Lite, imene kuyambira 2024 Google ikuitcha LiteRT, imachita zimenezi payokha pa magawo a masefa. Koma vutoli silinathe padziko, chifukwa machipu ena othamangitsira mamodelo amangolandira sikelo imodzi pa gawo. Kuwerenga buku la chipu kusanayambe kufinya kumapulumutsa masabata.

Failo ikatuluka, imafunika kulowa m'kabolodi, ndipo kabolodi kalibe mafoda kapena diski. Modelo imasandutsidwa mndandanda wa mabaiti wolembedwa mu chilankhulo cha C:

```
xxd -i munthu.tflite > munthu_data.cc
```

Modelo yozindikira munthu imakhala pafupifupi 300 KB ikafinyidwa. Sinatsike ndendende maulendo anayi chifukwa m'failomo mulinso masikelo, manambala ena ochepa amene amasiyidwa pa mabiti 32, ndi chithunzithunzi cha mmene magawo alumikizirana. Wolemba pulogalamu amapatulanso chigawo cha ramu chogwiriramo ntchito modelo, chimene mu chitsanzocho chimatchedwa `tensor_arena` ndipo kukula kwake kuli pa `kTensorArenaSize`. Chikachepa, `AllocateTensors()` imalephera pongoyamba. Uku ndi kulephera kwabwino, chifukwa kumanena poyera chimene chavuta.

Kulephera koipa ndi kwachete. Kamera imapereka kadontho kalikonse ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 255, 0 wakuda bii, 255 woyera mbuu. Modelo ikuyembekezera ya pakati pa -128 ndi 127. Wolemba akangokopera mabaiti a kamera m'modelo osachotsera 128, kadontho kowala ka 200 kamawerengedwa ngati -56, ndipo ka 128 kamawerengedwa ngati -128, kuda kotheratu. Theka lowala la chithunzi lasinthana malo ndi theka lakuda. Pulogalamu imayenda bwinobwino, kagetsi kabuluu kamaphethira pa nthawi yake, koma kofiira sikazima ngakhale banja lonse litaima kutsogolo kwa kamera. Ambiri pamenepa amanamizira kwantizesheni n'kubwerera kukaphunzitsanso modelo, pamene cholakwa ndi mzere umodzi wa masamu a ku pulayimale. `S` ndi `Z` za polowera zalembedwa m'failo momwemo. Chofunika ndi kuziwerenga m'malo moziganizira.

Potulukira pamafunikanso kumasulira. Gawo lomaliza limapereka yankho pa sikelo ya `S` yofanana ndi 1 kugawa ndi 256, ndipo `Z` ndi -128. Kabolodi kakasindikiza 72 pa "munthu alipo", sikakunena kuti 72 pa 100. Kuphatikiza 72 ndi 128 kumapereka 200, ndipo 200 kugawa ndi 256 ndi 0.78. Nambala ya 0 ikutanthauza theka ndi theka, modelo ikukayika.

Nanga munthu angadziwe bwanji ngati kufinyako kwawononga kanthu? Dongosolo labwino ndi kuyesa katatu ndi zithunzi zomwezo. Koyamba modelo ya `float32` pa kompyuta, kachiwiri ya `int8` pa kompyuta yomweyo, kachitatu ya `int8` pa kabolodi, chithunzi chodziwika chitalowetsedwa m'pulogalamu m'malo mwa kamera. Kusiyana kukakhala pakati pa koyamba ndi kachiwiri, mlandu ndi wa kwantizesheni kapena zithunzi zopimira. Kukakhala pakati pa kachiwiri ndi kachitatu, mlandu ndi wa pulogalamu ya pakabolodi. Zonse zitatu zikagwirizana koma kabolodi kakuphonyabe anthu enieni, vuto lili pa kamera kapena pa zithunzi zimene modelo inaphunzirira, ndipo limenelo kwantizesheni silikuikhudza.

Nambala imodzi ya malikisi imabisa zambiri. Modelo ikhoza kutsika ndi 1 pa 100 pa mayeso onse, koma kutsikako kuli konse pa zithunzi zamadzulo, nthawi imene mlonda wamagetsiyu akufunika kwambiri. N'chifukwa chake mayeso amayenera kugawidwa: zowala pazokha, zamdima pazokha, munthu wapafupi payekha, wakutali payekha. Pofuna kupeza gawo lenileni limene likudwala, TensorFlow ili ndi `tf.lite.experimental.QuantizationDebugger`, imene imayerekezera zotuluka za gawo lililonse kusanafinyidwe ndi pambuyo pake. Kulakwa kukangochokera pa kukankhira manambala pa mizere yapafupi, kumakhala pafupifupi 0.29 ya mzere umodzi. Gawo limene kulakwa kwake kwaposa pamenepo kwambiri ndi limene lili ndi manambala opanikizidwa kumalire kapena sikelo yosayenera.

Zonsezi zikakonzedwa koma malikisi akadali otsika, pamatsala njira yodula: kuibweza modelo kusukulu. Pa maulendo omaliza a maphunziro, pulogalamu imayerekeza kufinya, kukankhira maweyiti ndi manambala a panjira pa mizere 256 n'kuwabwezeranso mu `float32`, kuti modelo imve ululu wa kuphonyako ikadali ndi mwayi wosintha. Maweyiti amasuntha okha kupita pamene kufinya sikuwapweteka. Njirayi imafuna zithunzi zonse zophunzitsira, kompyuta yamphamvu ndi nthawi, choncho si yoyambira nayo. Pa mabiti 8 nthawi zambiri siifunika. Munthu akafuna kutsika pa mabiti 4, pamene mizere imangotsala 16, mamodelo aang'ono ngati awa sapirira popanda iyo, ndipo purosesa ngati Cortex-M4 ilibe lamulo lochulukitsira manambala a mabiti 4, kotero amayenera kumasulidwa kaye asanawerengeredwe. Malo amapulumuka, liwiro ayi.

Pali malire amene otsatsa malonda satchula kawirikawiri. Kuchoka pa mabiti 32 kufika pa 8 kumachepetsa modelo maulendo anayi, osapitirira apo, ndipo sikuchotsa ngakhale kuchulukitsa kumodzi pa mamiliyoni angapo amene chithunzi chilichonse chimafuna. MobileNet yathunthu ili ndi maweyiti 4.2 miliyoni: pafupifupi 17 MB mu `float32`, yopitirira pang'ono 4 MB mu `int8`, ikadali yoposa fulashi ya kabolodi kaja maulendo anayi. ResNet-50, ya maweyiti opitirira 25 miliyoni, ndiye siyandikira n'komwe. Modelo yozindikira munthu inakwana chifukwa opanga ake anayamba adula masefa, achepetsa chithunzi, achotsa mitundu, n'kusiya funso limodzi lokha la eya kapena ayi. Kwantizesheni inabwera pomaliza kudzatsitsa 216 KB ija kufika pa 54.

Pa mabolodi ena kufinya si nkhani yosankha. Edge TPU ya Coral, imene Google inatulutsa mu 2019, imawerengera manambala a mabiti 8 okha. Pulogalamu yake yokonzera modelo, `edgetpu_compiler`, ikakumana ndi gawo limene chipucho sichingathe, imadula modelo pomwepo: zoyambirira, malowo asanafike, zimapita pa chipu chothamanga, zotsala zonse zimabwerera ku purosesa wamba. Gawo limodzi losafinyika likakhala koyambirira kwa modelo, chipu chimene munthu anagula ndi ndalama zambiri chimangokhala pansi, ndipo chizindikiro chake chimaoneka pa mizere iwiri ya lipoti imene imanena kuchuluka kwa ntchito zopita pa Edge TPU ndi zopita pa purosesa.